KACHIROMBO KOSAOPA KLORINI

*Nkhani yokambidwa pa wailesi m'pologalamu ya zaumoyo*

Madzulo ano tikambirane za madzi akumwa. Ambiri a ife tinaphunzitsidwa kuti madzi othira mankhwala a klorini ndi madzi abwino, ndipo tikamva kafungo kake pa mpopi mtima umakhala pansi. Chiphunzitso chimenechi nchoona ndithu, pakuti klorini wapulumutsa anthu osaŵerengeka ku kolera ndi tayifodi. Koma pali kachirombo kamodzi kamene kamatha kukhala masiku ambiri m'madzi a klorini osafa. Dzina lake ndi lalitali: Kiriputosiporidiyamu. Kwa munthu wamphamvu kamadzetsa kutsegula m'mimba kwa sabata imodzi kapena ziŵiri. Kwa munthu amene chitetezo cha m'thupi mwake chafooka, kangathe kudzetsa imfa.

Kuti timvetse bwino, tiyeni tipite kutali pang'ono, ku mzinda wa Milwaukee m'dziko la Amereka, kumene kachiromboka kanaphunzitsa akatswiri a madzi phunziro loŵaŵa m'chaka cha 1993.

Zimene zinachitika ku Milwaukee

Mzinda wa Milwaukee uli m'mphepete mwa nyanja yaikulu ya Michigan, ndipo madzi ake akumwa amachokera m'nyanjamo. Pali nyumba ziŵiri zoyeretsera madzi, ina kumpoto kwa mzinda, ina kummwera. Ya kummwerayo imatchedwa Howard Avenue.

Kumayambiriro kwa mwezi wa Epulo 1993, anthu anayamba kuona zachilendo. Ana ambiri sanali kufika kusukulu. Antchito ambiri, ngakhale a m'zipatala momwe, anali kujomba. M'masitolo ogulitsa mankhwala, mankhwala oletsa kutsegula m'mimba anatha. Pofika Lolemba pa 5 Epulo, akuluakulu a zaumoyo anadziŵa kuti mumzindamo mwagwa mliri, koma gwero lake silinadziŵike. Chimbudzi cha odwala chinapimidwa pofuna tizirombo todziŵika bwino totsegula m'mimba, ndipo sitinapezeke. Chifukwa chake nchakuti masiku amenewo zipatala sizinali kufunafuna Kiriputosiporidiyamu pokhapokha dokotala atapempha, pakuti kamafuna kapimidwe kakekake.

Lachitatu pa 7 Epulo kachiromboka kanapezeka m'chimbudzi cha odwala, ndipo madzulo a tsiku lomwelo mkulu wa mzindawo, a John Norquist, analengeza kuti aliyense aziŵiritsa madzi asanamwe. Pa 9 Epulo nyumba yoyeretsera madzi ya kummwera ija inatsekedwa. Ofufuza ataŵerengera pambuyo pake, anapeza kuti anthu pafupifupi 403,000 anadwala, ndipo oposa 4,000 anagonekedwa m'chipatala.

Ofufuzawo anafuna umboni wakuti kachiromboka kanali m'madzi enieniwo a mu mpopi. Koma madzi a masiku amenewo anali atamwedwa kale. Nzeru inapezeka: anafuna madzi oundana, ayezi, amene anapangidwa ndi madzi a mu mpopi pa masiku a mliriwo. Anawasungunula, nawasefa, ndipo kachirombo kaja kanali momwemo.

Apa mpamene pagona nkhani yathu. Madzi amenewo anali othiridwa klorini nthaŵi yonseyo, ndipo anali kukwanira pa malamulo a madzi akumwa a nthaŵi imeneyo. Sikuti wina anaiŵala kuthira mankhwala. Mankhwala analimo, kachirombo nakonso kanalimo, kamoyo.

Kachiromboka nkotani?

Kiriputosiporidiyamu si ka mtundu wa tizirombo ta kolera amene akatswiri amati mabakiteriya. Nkachibale ka kachirombo ka malungo. Woyamba kukalongosola anali a Ernest Tyzzer m'chaka cha 1907, atakapeza m'mimba mwa mbeŵa. Kwa zaka zambiri anthu anaganiza kuti ndi vuto la nyama zokha, makamaka ana a ng'ombe. Odwala oyamba pakati pa anthu analembedwa mu 1976, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, Edzi itabuka, madokotala anazindikira kuti kachiromboka ndiko kanali kufooketsa odwala ambiri ndi kutsegula m'mimba kosaleka.

Kachiromboka kamatuluka m'thupi la wodwala pamodzi ndi chimbudzi, katadzitsekera m'kachigoba kolimba. Akatswiri amakatcha owosisiti. Ife m'nkhani ino tiziti kadzira, ngakhale kuti si dzira lenileni. M'kati mwa kadzira kalikonse muli tiana tinayi todikira kuloŵa m'mimba mwa munthu wina.

Kuchepa kwake nkodabwitsa. Tengani lula ya mwana wasukulu, muyang'ane kamzere kang'ono kwambiri, kamene timati milimita. Timazira pafupifupi 200 titandandalikidwa pamzere umodzi tingakwane m'kampata kameneko. Choncho maso sangationeko, ndipo madzi okhala ndi timazirati angathe kuoneka oyera mbee. Komanso sipafunika tambiri kuti munthu adwale. Anthu athanzi odzipereka atamwetsedwa timazirati pofufuza, ena anadwala ndi timazira makumi ochepa chabe, pamene wodwala mmodzi amatulutsa mamiliyoni ambiri pa tsiku.

Chifukwa chiyani klorini amalephera?

Klorini amapha kachirombo akakafikira thupi lake ndi kuliononga. Tizirombo ta kolera tilibe chotchinga chenicheni, motero timafa msanga. Koma chigoba cha kadzira kathu nchomangidwa mosanjikiza, chokhala ndi mafuta ndi mapuloteni olukana zolimba, ndipo klorini amachiboola mochedwa kwambiri.

Akatswiri a madzi ali ndi njira yoŵerengera mphamvu ya mankhwala. Amatenga kuchuluka kwa klorini m'madzi, nachulukitsa ndi mphindi zimene kachirombo kakhala m'madziwo. Mankhwala akachepa, nthaŵi iyenera kutalika; mankhwala akachuluka, nthaŵi imafupika.

Tiyeni tiyerekeze ndi madzi okhala ndi miligalamu imodzi ya klorini pa lita, muyezo umene suli kutali ndi wa madzi a mu mpopi. M'madzi otere, mabakiteriya ambiri otsegula m'mimba amafa mphindi imodzi isanathe. Kachirombo kena kachigoba, kotchedwa Jiyadiya, kamapirira pafupifupi mphindi 45. Koma kuti timazira ta Kiriputosiporidiyamu tife 999 pa 1,000 tilitonse, pamafunika mphindi pafupifupi 15,300. Amenewo ndi maola 255, kapena masiku khumi ndi theka. Ndipo chiŵerengero chimenechi ncha madzi ofundirako. M'madzi ozizira klorini amachedwanso kuposa pamenepo.

Tsono taganizani. Mukathira klorini mu ndowa kunyumba, alangizi a zaumoyo amati mudikire mphindi 30 musanamwe. Mphindi 30 nzokwanira kupha kolera. Koma kuti mphindi zomwezo zikwanire kupha timazirati, tigaŵe 15,300 ndi 30, ndipo yankho lake likuposa mamiligalamu 500 pa lita. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse limati klorini m'madzi akumwa asapitirire mamiligalamu 5 pa lita. Ndiye kuti tikanafunika kuthira mankhwala oposa malirewo kokwana ka 100, ndipo madzi otero palibe angawamwe. Nchifukwa chake kuonjezera klorini si yankho. Mukathira muyezo woŵirikiza, mungoononga kukoma kwa madzi, timazira tili chikhalire.

Nanga chinalakwika nchiyani?

Popeza klorini sapha timazirati, nyumba yoyeretsera madzi imadalira kutichotsa m'madzi. Ntchitoyi ili ndi magawo atatu. Poyamba amathira mankhwala onga alamu, amene amachititsa tinthu tonse toyandama, dothi ndi timazira tomwe, kugwirana nkupanga timibulu. Kenaka madzi amaima m'mathanki aakulu kuti timibuluto timire pansi. Pomaliza madzi amadutsa m'sefa ya mchenga. Dziŵani kuti mipata ya pakati pa mchenga ndi yaikulu kuposa kadzira. Kadzira kamagwidwa chifukwa kamamatira ku timibulu tija ndi ku mchengawo. Gawo loyamba likalephereka, kadzira kamapyola sefa ngati nsomba yaing'ono pa ukonde wa maso aakulu.

Ku Howard Avenue zinthu zingapo zinakumana pamodzi. Miyezi ingapo mliri usanagwe, mu 1992, anali atasiya alamu nkuyamba mankhwala ena ogwirizanitsa dothi, amene muyezo wake woyenera anali asanauzoloŵere. Ndiye m'mwezi wa Malichi, nyengo ya mvula ndi kusungunuka kwa chipale chofeŵa, madzi a m'nyanja anasintha, ndipo muyezo wa mankhwalawo sunayenderane ndi kusinthako. Komanso madzi otsukira masefa, amene amadzaza ndi zonse zimene sefa yagwira, anali kubwezedwa kuchiyambi kuti ayeretsedwenso.

Chizindikiro chinalipo. Akatswiri amayeza kuvunduka kwa madzi ndi kachipangizo koŵalitsa kuunika m'madzimo. Kwa zaka khumi m'mbuyomo, muyezo wa madzi otuluka pa Howard Avenue sunapitirire 0.4. Chakumapeto kwa Malichi 1993 unakwera kufika 1.7. Anthu a mumzinda anaimba lamya kudandaula za maonekedwe ndi fungo la madzi awo. Koma poti malamulo a nthaŵiyo sanaphwanyidwe, ndipo klorini analimo, palibe anaganiza kuti kuvundukako kukutanthauza kuti khomo latseguka. Zaka zingapo pambuyo pake, timazira tochokera kwa odwalawo titapimidwa mozama, tinapezeka kuti tinali ta mtundu wofala pakati pa anthu, osati wa ng'ombe. Izi zinaloza ku zonyansa za anthu zoloŵa m'nyanja.

Lero Milwaukee amayeza kuvunduka kwa madzi pa sefa iliyonse kosalekeza. Anatalikitsa mpope wotunga madzi kuti ufike m'kati mwa nyanja, ndipo kuyambira 1998 amayeretsanso madzi ndi mpweya wa ozoni, umene uli ndi mphamvu pa timazirati kuposa klorini. Mizinda ina imagwiritsa ntchito nyali za kuunika kwapadera kosaoneka ndi maso, kumene sikuswa chigoba koma kumaononga tiana ta m'kati kuti tisathe kuswana.

M'thupi la munthu wofooka chitetezo

Kadzira kakamezedwa, kamafika m'matumbo aang'ono, chigoba nkutseguka, tiana tinayi tija nkutuluka. Kamwana kalikonse kamadzikwirira pa khungu la m'kati mwa matumbo, pamalo pamene thupi limayamwira madzi ndi chakudya, ndipo kamaswana pomwepo. Khungulo likaonongeka, madzi sayamwidwanso, m'malo mwake amatsanulidwira m'matumbo. Patapita masiku aŵiri mpaka khumi, kaŵirikaŵiri sabata imodzi, wodwala amayamba kutsegula m'mimba mwa madzimadzi, kupotokola, nseru, ndi kutentha thupi pang'ono. Magazi saonekaoneka m'chimbudzi.

Pali chinthu chimodzi chofunika kuchigwira. Timazira timene kachiromboka kamapanga m'matumbo tili mitundu iŵiri. Tambiri tili ndi chigoba chokhuthala, ndipo timatuluka kukadwalitsa ena. Koma tina tili ndi chigoba chopyapyala, chimene chimasweka m'matumbo momwemo, tiana nkuyambiranso ntchito mwa munthu yemweyo. Choncho matendaŵa satha okha chifukwa chakuti kachirombo katopa. Amatha pokhapokha thupi litakagonjetsa.

Asilikali a m'thupi amene amatsogolera nkhondo imeneyi ndi aja amaŵerengedwa kuchipatala pa dzina la CD4, omwewo amene kachirombo ka HIV kamapha. Munthu wa asilikali okwanira amachira m'sabata imodzi kapena ziŵiri. Koma chiŵerengero chawo chikatsika kwambiri, makamaka pansi pa 100, kutsegula m'mimba kumatha kupitirira miyezi. Wodwala amataya malita angapo a madzi tsiku lililonse, chakudya sichimugwira, ndipo amaonda kotheratu. Mwa ena kachiromboka kamakwera kufika m'njira za ndulu, nkudzetsa ululu kumtunda kwa mimba mbali ya kumanja.

Ku Milwaukee kusiyanaku kunaoneka poyera. Anthu zikwi mazanamazana anadwala nkuchira. Koma ofufuza ataona zikalata za imfa za zaka ziŵiri zotsatira mliriwo, anapeza anthu 54 amene matendaŵa analembedwa pa imfa yawo, pamene m'zaka ziŵiri za m'mbuyo analipo anayi okha. Mwa anthu 54 amenewo, oposa anayi pa asanu aliwonse anali odwala Edzi. Kumbukirani kuti mu 1993 mankhwala amphamvu otalikitsa moyo anali asanafike. Madzi anali amodzi, mpopi umodzi, koma wina anagona sabata, mnzake anaikidwa m'manda.

Ena amene ali pa chiopsezo chonga chomwechi ndi odwala khansa amene akulandira mankhwala ofooketsa chitetezo, anthu opatsidwa impso kapena chiŵalo china cha munthu wina, ndi ana aang'ono onyentchera. Kafukufuku wamkulu wofalitsidwa mu 2013, wochitika m'maiko asanu ndi aŵiri a mu Afirika ndi Asiya kuphatikizapo Mozambiki, anapeza kuti mwa ana osakwana chaka chimodzi, kachiromboka kanali kachiŵiri pa tizirombo todzetsa kutsegula m'mimba koopsa.

Mankhwala ake

Apa mpamene nkhani ikulemera. Katemera wa anthu palibe. Pali mankhwala otchedwa nitazokisanaidi, amene anayesedwa pa ana onyentchera ku Lusaka m'dziko la Zambia, zotsatira zake nkufalitsidwa mu 2002. Ana opanda HIV anathandizika, koma ana okhala ndi HIV sanathandizike. Mankhwala ena otchedwa kolofazimini anayesedwa ku Blantyre kuno ku Malaŵi pa akuluakulu okhala ndi HIV, ndipo nawonso sanaonetse phindu. Ndiye kuti amene akufunitsitsa mankhwala ndi amene mankhwalawo sawagwira.

Chothandiza chenicheni kwa munthu wa HIV ndicho kubwezeretsa asilikali a m'thupi ndi mankhwala a ma ARV. Chiŵerengero cha CD4 chikakwera, kutsegula m'mimba kumaleka mwa ambiri. Podikira zimenezo, wodwala amwe madzi a Thanzi pafupipafupi, opangidwa ndi madzi oŵiritsa, ndipo apitirize kudya. Mwana apitirize kuyamwa. Kutsegula m'mimba kwa madzimadzi kukafika masabata aŵiri, kapena wodwala akayamba kuuma m'kamwa, kuloŵa maso ndi kukodza pang'ono, apite kuchipatala msanga. Kumeneko chimbudzi chimapakidwa utoto wapadera, wofanana ndi umene amapimira makhololo a chifuŵa chachikulu, ndipo timazira timaoneka tofiira. Popeza timazira situluka mofanana tsiku ndi tsiku, nthaŵi zina pamafunika kupima kangapo.

Zoyenera kuchita pakhomo

Chigoba chimene chimakana klorini chimagonja ku moto. Madzi akaŵira mogaduka, kutumphuka ndithu, kwa mphindi imodzi, timazira tonse tafa. Kungofunditsa sikukwanira, ndipo kuŵiritsa kwa theka la ola nkuononga nkhuni chabe. Madziwo azizire ali ovundikira, asungidwe m'chigubu chotsuka bwino cha kukamwa kwakung'ono, ndipo pomwa muzitsanula, osaviikamo kapu. M'nyumba mmene muli munthu amene CD4 yake yatsika, kapena mwana wonyentchera, madzi ameneŵa ndiwo amwere mankhwala, atsukire mkamwa, ndi kusungunulira Thanzi.

Kusefa ndi nsalu kumachotsa zinyalala koma sikugwira timazirati. Kuika madzi m'firiji sikutipha. M'madzi ozizira timakhala ndi moyo miyezi ingapo. Sefa yodalirika ndi imene mipata yake yonse siposa gawo limodzi la milimita yogaŵidwa ka 1,000, ndipo isakhale yong'aluka. Madzi a mu mpopi akabwera ovunduka, monga zimachitikira mvula yaikulu ikagwa kapena mpope ukaphulika, tengani zimenezo ngati chenjezo lomwe lija la ku Milwaukee, ndipo ŵiritsani ngakhale fungo la klorini likumveka.

Timazira timayendanso pa manja. Mukasintha mwana theŵera, mukasamalira wodwala, kapena mukagwira mwana wa ng'ombe wotsegula m'mimba, sambani ndi sopo ndi madzi oyenda. Mankhwala opaka m'manja a sipiriti satipha. Sopo ndi madzi ndizo zimatikokolola.

Pomaliza, omvera, wina asachoke pano akunena kuti pa wailesi anena kuti klorini ngwachabe. Iyayi. Kolera ikagwa, klorini ndiye amaimitsa maliro m'mudzi, ndipo pitirizani kumuthira monga alangizi a zaumoyo akuuzirani. Klorini amatetezanso madzi osungidwa kuti mabakiteriya asaloŵenso. Chimene Milwaukee inatiphunzitsa nchakuti kafungo ka klorini kamatiuza kuti mankhwala alimo, koma sikatiuza kuti timazira mulibe. Kwa wodwala wofooka amene ali m'nyumba mwanu, mphindi imodzi ya madzi ogaduka pamoto imachita zimene klorini amachita m'masiku khumi.